Ndikuyamwitsa, Kodi Ndibayitse Katemera?

Pali funso limene anamwino ndi alangizi a zaumoyo analizolowera pa sikelo ya ana. Mayi wafika khanda lili kumsana, mlangizi watsegula buku lake la kuchipatala n'kuona kuti tsiku la katemera wa kafumbata linadutsa kalekale. Akangouzidwa kuti apinde mkono wa bulawuzi, mayi uja amabwerera m'mbuyo pang'ono n'kufunsa kuti, "Adokotala, komatu ndikuyamwitsa. Sizimupweteka mwanayu?"

Mayiyo sanafunse mopusa. Kuyambira ali woyembekezera wakhala akuuzidwa kuti asamwe mankhwala chisawawa, ndipo akudziwa kuti zina zimene iye amamwa zimakafika kwa mwana kudzera m'bere. Choncho akaona jakisoni, n'zomveka kuti aganize za mkaka. Yankho la achipatala n'lakuti pafupifupi katemera aliyense amene amaperekedwa m'zipatala za muno m'Malawi, mayi woyamwitsa angathe kulandira, ndipo angathe kuika mwana kubere asanadzuke n'komwe pa benchi pomwe wabayidwira. Palibe kudikira maola, palibe kufinya mkaka n'kutaya. Katemera amene amafuna kuti anthu ayambe akhala pansi ndi dokotala ndi wa yelofiva, ndipo amakhudza makamaka amayi apaulendo wakunja.

Katemera wa kafumbata ndi amene amayi ambiri amakumana naye ali ndi mwana kubere, chifukwa cha mmene masiku ake anaikidwira. Kuti mayi atetezedwe zaka zake zonse zobereka, amayenera kubayidwa kasanu. Kachiwiri amabayidwa patatha masabata 4 kuchokera pa koyamba, kachitatu patatha miyezi 6, kenako kachinayi ndi kachisanu motalikirana chaka chimodzi chimodzi. Tsono taganizirani za mtsikana amene wayamba sikelo mimba ili ndi miyezi isanu, monga amachitira ambiri. Jakisoni woyamba walandira tsiku lomwelo, wachiwiri mimba ili ndi miyezi 6. Akawerenga miyezi 6 kuchokera pamenepo, tsiku la jakisoni wachitatu likugwa mwana ali ndi miyezi itatu, akuyamwa usana ndi usiku. Wachinayi akugwa mwanayo ali ndi chaka ndi miyezi itatu, ndipo kwa ana ambiri a kuno pamsinkhu umenewu bere amakhala asanalisiye.

Mayi akamati adikira mpaka aletse mwana kuyamwa, kawirikawiri zimatha ndi kuti mimba ina yabwera iye akadali pa jakisoni wachiwiri. Majakisoni awiri amateteza kwa zaka zosapitirira zitatu, atatu amafikitsa pa zaka zisanu, anayi pa zaka 10. Amene wadumphitsa tsiku sayambiranso poyamba ayi, amangopitiriza pomwe analekezera, bola buku lili bwinobwino ndipo zolembedwamo zikuwerengeka. Dziko la Malawi linavomerezedwa mu 2002 kuti lagonjetsa kafumbata wa amayi ndi makanda, koma tizilombo take sitinapite kwina kulikonse. Tili m'dothi ndi m'ndowe, ndipo mayi amene wadzitema ndi khasu kudimba akhoza kukumana nato ngakhale lero.

Chimene chimachititsa kuti katemerayu asavute mwana ndi zimene zili m'kabotoloko. Mulibemo kachilombo kamoyo. Muli ululu wa kachilombo ka kafumbata umene unachotsedwa mphamvu, moti sungadwalitse munthu koma thupi limathabe kuuzindikira. Ukabayidwa m'mnofu wa mkono, thupi limauona ngati mdani n'kuyamba kupanga asilikali olimbana nawo, ndipo ntchito yambiri imachitikira pomwepo ndi m'timisempha ta m'khwapa. Chinthu chosaswana sichingachuluke n'kudzaza magazi. Ngakhale kachidutswa kake katapezeka mumkaka, kamakagayidwa m'mimba mwa mwana pamodzi ndi mkakawo. Ndi mmenenso zilili ndi katemera wa matenda a chiwindi, wa chimfine, wa tayifodi wobaya ndi ena onse opangidwa ndi tizilombo takufa kapena tizidutswa take.

Mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 unadwalitsa anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700 usanazilale mu 2023. Katemera wake ndi wakumwa, kabotolo kakang'ono kwambiri kokhala ndi tizilombo ta kolera takufa, ndipo Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse limanena kuti amayi oyembekezera ndi oyamwitsa asasiyidwe pogawa. Apa pali mfundo imene imaposa za katemerayo. Mwana wosakwana chaka sapatsidwa katemera wa kolera. Chimene chimamuteteza n'chakuti sakumwa madzi a pachitsime, sakudya dawale wophikidwa ndi madzi okayikitsa, sakuyamwa botolo lotsukidwa mwa apo ndi apo. Akungoyamwa basi.

Ndiye onani chimene chimachitika mayi akamvera malangizo a kunyumba akuti atamwa katemera apumitse bere masiku awiri kuti "mkaka uyere". Masiku awiriwo mwana sangagone ndi njala. Apatsidwa phala lamadzimadzi, tiyi kapena mkaka wa m'chitini wosungunulidwa ndi madzi omwewo amene akudwalitsa anthu m'mudzimo. Poopa chinthu chimene sichikanamuchita kanthu, mwana uja waikidwa pakamwa peniyeni pa matenda. Apongozi kapena agogo amene amalangiza zimenezi amachita chifukwa chokonda mdzukulu, ndipo chikhulupiriro chakuti mkaka umasasa mayi akadwala kapena akachokapo tsiku lonse n'chakale kwambiri kuposa katemera. Komabe n'cholakwika, ndipo m'nyengo ya kolera chikhoza kutayitsa mwana. Ngakhale mayi amene wadwala kolera yeniyeniyo amalangizidwa kupitiriza kuyamwitsa malinga ngati akutha kutero, atasamba m'manja ndi sopo.

Pa katemera wa kovidi mpomwe mantha anafika pachimake. Katemera woyamba, wa AstraZeneca, anafika muno mu Malichi 2021, ndipo mphekesera zinali zitafika kale iye asanatsike m'ndege: ati amaumitsa mkaka, ati amatseka kubereka. Pofika mu Meyi chaka chomwecho boma linatentha katemera wokwanira anthu 19,610 amene anadutsa masiku ake asanagwiritsidwe ntchito. Mwa zonse zimene zinkanenedwa, nkhani ya mkaka ndi imene ili ndi kachoonadi pang'ono, ndipo ndi bwino kukanena mosabisa. Ofufuza a ku San Diego m'dziko la America anafunsa amayi oyamwitsa 180 amene analandira katemera wa Pfizer kapena wa Moderna. Ochepa ananena kuti mkaka unachepa, koma kwa onsewo unabwerera mwakale pasanathe maola 72, ndipo palibe mwana amene anapezeka ndi vuto lalikulu. Kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana anapezanso asilikali olimbana ndi kovidi mumkaka wa amayi obayidwa.

Kuchepa kwa mkakaku si kodabwitsa kwa aliyense amene anayamwitsapo akudwala malungo. Thupi likatentha, mayi akafooka n'kumangogona, samwa madzi okwanira ndipo mwana samuika kubere pafupipafupi. Bere limapanga mkaka molingana ndi mmene likuyamwidwira. Mankhwala ake ndi kumwa madzi kapena thobwa, kudya, ndi kuyamwitsa kawirikawiri kuposa masiku onse. Mayi amene wasiya kuyamwitsa poganiza kuti mkaka wauma ndi amene amauumitsadi.

Zina zimene mayi angamve atabayidwa ndi zomwe amamva wina aliyense: mkono kuwawa, mutu, kuphwanya m'thupi ndi kutentha thupi kwa tsiku limodzi kapena awiri. Panado savuta kwa woyamwitsa. Munthu wamkulu amamwa mapiritsi awiri a mamiligalamu 500, osapitirira mapiritsi 8 pa tsiku. Nthawi zina m'khwapa mwa mkono wobayidwawo mumatuluka mwanabere, ndipo chifukwa ali pafupi ndi bere amayi ena amachita mantha. Mwanabere wa katemera amakhala m'khwapa, bere lenilenilo lili lofewa ndipo mkaka ukutuluka bwino. Koma ngati mbali ina ya bere yauma gwa, ikutentha, ikuwawa mwana akamayamwa, ndipo mayi akunjenjemera, ameneyo si katemera. Bere latupa chifukwa cha mkaka wotsekeka kapena tizilombo tolowera pa nsonga yong'ambika, ndipo zimenezo zimafuna kuchipatala msanga lisanachite mafinya. Kutentha thupi kopitirira masiku awiri nakonso kusakankhiridwe kwa katemera. Kuno kwathu munthu wotere akayezetse malungo.

Galu akaluma mayi woyamwitsa, pasakhale zokambirana. Chiwewe chikangoyamba kuonetsa zizindikiro sichichizika. Bala litsukidwe ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako mayiyo athamangire kuchipatala tsiku lomwelo kukayamba katemera, n'kubwereranso pa masiku onse amene alembedwa. Katemerayu ndi wa kachilombo kakufa, ndipo mwana apitirize kuyamwa.

Nanga katemera wa tizilombo tamoyo? Ameneyu amapangidwa ndi kachilombo kofooketsedwa kamene kamaswana pang'ono m'thupi kuti thupilo liphunzire kulimbana nako. Wa chikuku ndi rubela ndi wa mtundu umenewu. Mayi woyembekezera sapatsidwa, koma akangochira angathe kulandira akuyamwitsa. Kachilombo ka rubela ka m'katemerayu kanapezekapo mumkaka, ndipo makanda ena anakatengera, koma sikanawadwalitse matenda oopsa. Nkhaniyi imakhudza kwambiri amayi a kuno amene ali ku Britain ndi mayiko ena kumene mayi wosakwanitsa katemerayu amauzidwa kuti abayitse akangobereka. Malawi anayamba kupereka katemera wa rubela mu 2017 kwa ana osapitirira zaka 14, kutanthauza kuti amayi ambiri amene anali atakula kale nthawiyo sanalandirepo. Rubela amaoneka ngati chikuku chopepuka, koma akagwira mayi mimba ili yaing'ono, mwana akhoza kubadwa wosamva, wa ng'ala m'maso kapena wa vuto la mtima. Amene walandira katemerayu amangouzidwa kuti asatenge mimba kwa mwezi umodzi.

Katemera wa yelofiva nayenso ndi wamoyo, koma nkhani yake ndi ina, ndipo inadziwika bwino chifukwa cha khanda lina la ku Brazil. Mu 2009 matendawa anabuka m'chigawo cha Rio Grande do Sul, kum'mwera kwa dzikolo, ndipo anthu ankabayidwa mwaunyinji. Mayi wina analandira katemerayu patangotha masiku 15 chibadwire mwana wake. Patapita masiku asanu mayiyo anamva mutu ndi kutentha thupi pang'ono, zinthu zimene zinatha zokha. Pa tsiku la 8 chibayidwireni, mwana uja, ali ndi masiku 23, anatentha thupi, anayamba kulira mosatonthozeka n'kukana bere, ndipo posakhalitsa anayamba kukomoka. Kuchipatala anapeza kuti ubongo wake watupa. Atayeza madzi a mumsana anapezamo kachilombo ka m'katemera wa yelofiva, pamene mwanayo anali asanabayidwe katemerayo ndipo chakudya chake chinali bere lokha. Mkaka wa mayiyo sunayezedwe, koma njira ina imene kachilomboko kakanadzera sinapezeke. Mwanayo anakhala m'chipatala masabata oposa atatu, anachira, ndipo atamuonanso ali ndi miyezi 6 ankakula bwinobwino.

Zoterezi zinachitikanso kwa khanda lina ku Brazil komweko ndi lina ku Canada, ndipo onsewo amayi awo anabayidwa anawo asanakwanitse mwezi. Ndi ana owerengeka poyerekeza ndi mamiliyoni a anthu amene alandira katemerayu, koma chifukwa chake chikumveka. Kachilombo ka m'katemera wa yelofiva kamayenda m'magazi a wobayidwa kwa masiku angapo m'sabata yoyamba, ndipo kamatha kulowa mu ubongo wa khanda umene sunakhwime. N'chifukwa chake mwana wosakwana miyezi 6 sabayidwa katemerayu zivute zitani, ndipo msinkhu wake weniweni ndi miyezi 9.

M'Malawi mulibe yelofiva, ndipo katemerayu sali pa ndandanda wa sikelo. Amene amamufuna ndi opita kumayiko kumene matendawa amapezeka, monga Congo, Angola, Uganda, Ghana ndi Nigeria, chifukwa pa chipata kapena pa bwalo la ndege amafunsidwa kabuku kachikasu kaja. Wokaoda katundu ku Dar es Salaam, ku Tete kapena ku Joni akuchokera kuno sakupita kudera la matendawa. Koma mayi wa geni ya ku Lubumbashi, kapena wa muofesi amene watumidwa kumsonkhano ku Kampala mwana ali ndi miyezi itatu, ayenera kuuza dokotala kuti akuyamwitsa ndiponso msinkhu wa mwanayo jakisoni asanatsegulidwe.

Choyamba chimene dokotala angafunse n'chakuti kodi mayiyo sanabayidwepo kale. Kuyambira mu Julaye 2016 jakisoni mmodzi amawerengedwa kuti ndi wa moyo wonse, moti kabuku kakale kamene kali pansi pa sutikesi kakhoza kuthetsa nkhani yonse. Ngati sanabayidwepo, njira yabwino ndi kusuntha ulendo mpaka mwana atafika miyezi 9. Zikakanika, ndipo kumene akupitako chiopsezo n'chochepa, dokotala angathe kulemba kalata yofotokoza chifukwa chimene mayiyo sanabayidwire, ngakhale si dziko lililonse limene limailandira mosavuta. Wotenga kalatayo adziteteze ku udzudzu masana omwe, chifukwa udzudzu wa yelofiva sudikira usiku ngati wa malungo. Koma ngati ulendo ndi wosapeweka ndipo kumaloko matendawa ali mkati, mayiyo amabayidwa, pakuti yelofiva yeniyeniyo imapha anthu ambiri mwa amene yawagwira kwambiri. Ku Brazil lamulo la achipatala pa mayi wotere, ngati mwana sanakwane miyezi 6, ndi kupumitsa bere masiku 10. Mayi amafinyiratu mkaka asanabayidwe n'kuusunga m'firiji youmitsa, ndipo m'masiku 10 amenewo amafinyabe n'kumataya kuti bere lisaume. Izi n'zotheka kwa amene ali ndi magetsi odalirika ndi madzi abwino. Kwa ambiri kuno, kudikira n'kwanzeru kuposa.

Mayi amene ali ndi kachilombo ka Edzi ndipo akumwa mankhwala otalikitsa moyo angathe kulandira katemera wa kafumbata, kolera, kovidi ndi chiwewe ngati wina aliyense, osasiya mankhwala ake ngakhale tsiku limodzi. Pa katemera wamoyo ndi pamene achipatala amayamba aona mmene chitetezo chake chilili, ndipo chikakhala chotsika kwambiri samubaya.

Tsono pali kulakwitsa kwina kochokera mbali inayo, kwa amayi amene katemera samuopa koma amamukhulupirira mopitirira. Amati popeza iwo abayidwa ndipo mwana akuyamwa, ndiye kuti mwanayo walandira nawo. Sizili choncho. Chitetezo chimene chimalowa m'magazi a mwana chimadutsa pa nsengwa iye akadali m'mimba, makamaka m'miyezi itatu yomaliza. Akangobadwa njira imeneyo yatsekeka. Asilikali a mumkaka, amene amachuluka kwambiri mumkaka woyamba wachikasu uja, ndi a mtundu wina. Salowa m'magazi, amamata kukhosi ndi m'matumbo n'kumagwira tizilombo tisanalowerere, ndipo mwana akasiya kuyamwa amatha m'masiku ochepa. Ndi othandiza kwambiri pa matenda otsekula m'mimba ndi a m'chifuwa, koma thupi la mwana siliphunzirapo kupanga ake.

Pa chitsanzo cha mtsikana uja, jakisoni wachitatu wa kafumbata amene walandira mwana ali ndi miyezi itatu akuteteza iye mwini ndi mwana amene adzabwere pambuyo. Mwana ali kumsanayu anatetezedwa ndi majakisoni awiri a nthawi ya mimba, chitetezocho chikuchepa mwezi ndi mwezi, ndipo chimene chikulowa m'malo mwake ndi katemera wake yemwe wa pa masabata 6, 10 ndi 14. Katemera wa mayi sasokoneza wa mwana, moti onse awiri angathe kubayidwa tsiku limodzi pa sikelo yomweyo.

Ngakhale madontho a poliyo ndi a rota, amene amadutsa njira yomwe mkaka umadutsa, safuna kuti bere lipumitsidwe. Akatswiri ena ankaganiza kuti asilikali a mumkaka angafooketse katemera wa rota. Anayesa ku India, Pakistan ndi South Africa pouza amayi ena kuti asayamwitse kwa kanthawi mwana asanamwe madonthowo ndiponso atangomwa, koma sizinathandize kanthu. Chimene chinatsimikizika n'china: mwana amene ali pabere pamene jakisoni akulowa pantchafu salira nthawi yaitali, ndipo kuyambira mu 2015 Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse limalimbikitsa kuti amayi aziyamwitsa pa nthawi yobayayo. Amayi ena amaopa kuti mwana atsamwa, kapena adana ndi bere poliganizira kuti ndi limene lamupweteka. Zimenezi sizinaoneke pa kafukufuku.

Chimene mayi ayenera kunena asanabayidwe n'chochepa: kuti akuyamwitsa, msinkhu wa mwana, ngati akudzikayikira kuti ali ndi mimba ina, mankhwala amene akumwa, ndiponso ngati katemera wina anamuchititsapo kutupa nkhope kapena kubanika. Akabwerera kunyumba, khanda likatentha thupi, likakana bere, likamangogona osadzidzimuka, liwombo likatukuka kapena likayamba kukomoka, apite nalo kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku. Kumeneko anene katemera amene iye analandira ndi tsiku lake, koma asakhale pakhomo kudikira kuti "mphamvu ya katemera" ithe, chifukwa mwa khanda zizindikiro zimenezi nthawi zambiri zimakhala za matenda ena ofuna mankhwala tsiku lomwelo.